Ndinatsegulira dziko lonse khonde la amayi

Akuba atatibera njinga ndi batire la sola, bambo anagula kamera yotsika mtengo n'kuimangirira pakhonde. Pakhomo inkaoneka bwino pa foni, koma munthu ukangotuluka pageti, basi zii. Amayi anandifunsa kuti, "Iwe si ukuphunzira zamakompyuta? Bwanji osakonza kuti tizionera ngakhale tili kumsika?" Ndinavomera monyada, ndipo ntchitoyo inanditengera mphindi khumi zokha. Lero ndikuti zimene ndinachitazo zinali zolakwika, ngakhale zinagwira ntchito.

Rauta ya panyumba ili ngati mlonda wa pageti. Imalola za m'kati kutuluka, koma mlendo amene sanaitanidwe imamubweza. N'chifukwa chake kamera sinkaoneka kunja. Ine ndinalowa m'rauta, pa tsamba lolembedwa Port Forwarding, n'kuika malamulo awiri. Wogogoda pa poti 8554 azipititsidwa ku kamera, pa adilesi 192.168.1.50, poti 554, yomwe ndi njira ya RTSP yodutsa zithunzi. Wogogoda pa 8080 azifika pa poti 80, pamene pali tsamba loyendetsera kamerayo. Nditazimitsa Wi-Fi pa foni n'kuyatsa bandulo, khonde lathu linaoneka. Ndinabwerera kusukulu ndikudziona katswiri.

Patatha milungu itatu, ndili kuhositelo, ndinatsegula tsamba la kamera lolembedwa Log, pamene imasunga mbiri ya olowa. Ndinapeza mizere yambirimbiri ya ofuna kulowa ndi dzina la admin, kuchokera ku maadilesi osawadziwa, usana ndi usiku. Yambiri inali yolephera, koma iwiri inasonyeza kuti wina analowa cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Nthawi imeneyo tonse tinali m'tulo. Pasiwedi inali yomwe ija kamera inabwera nayo, poti sindinaisinthe.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuganiza kuti palibe angalabadire za nyumba yathu. Zoona zake n'zakuti sipafunika munthu wokudziwa. Pali mapulogalamu amene amayendera maadilesi onse a pa intaneti mosalekeza, kuyesa poti iliyonse yomwe ingayankhe. Shodan imasonkhanitsa zida zoyankhazo kuti aliyense azifufuze. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inagwira makamera ndi marauta ochuluka pongoyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60, kenako n'kuwagwiritsa ntchito kugwetsa kampani ya Dyn, moti Twitter ndi Netflix zinavuta kufikika kwa maola angapo.

Kulakwa kwachiwiri kunali kukhulupirira kuti kusintha nambala, 554 kukhala 8554, ndiye kubisa. Wofufuza akagogoda, kamera imayankha m'chilankhulo chake cha RTSP, ndipo nthawi yomweyo amadziwa kuti wapeza chiyani.

Anzanga ena amati pasiwedi yolimba ndi yokwanira. Imathandizadi, koma ine sindikhutira. Pulogalamu ya m'kati mwa kamera zotchipa kawirikawiri imakhala ndi zibowo zolowera popanda pasiwedi, ndipo opanga ambiri sazikonza. Komanso RTSP ndi HTTP wamba sizibisa zodutsamo, choncho wokhala pakati pa njira atha kuona zithunzizo. Ndipo wolanda kamera ali kale m'kati mwa netiweki ya m'nyumba, limodzi ndi mafoni ndi laputopu.

Chimene chinandisowetsa tulo si zimenezo. Kamerayo imaonetsa nthawi imene amayi amachoka, pamene amabisa kiyi, ndi nthawi imene mlongo wanga wamng'ono amatsala yekha. Chida chogulira chitetezo chinasanduka zenera la mlendo.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi. Ndinafufuta malamulo awiri aja, n'kuzimitsanso UPnP, chifukwa imalola kamera kudzitsegulira yokha poti osakuuza. Kamera ndinaibwezera mmene inachokera kufakitale, n'kuipatsa pasiwedi yaitali. Kenako ndinayesa ndili kunja kwa netiweki yathu, ndikuika adilesi ya rauta yathu m'malo mwa iyi:

```
nmap -Pn -p 554,8080,8554 203.0.113.7
```

Palibe poti inaonetsa open. Yesani pa adilesi yanu yokha, osati ya eni.

Kuti tizionerabe tili kutali, ndinayatsa WireGuard pa rauta. Nayonso imafuna poti imodzi, kawirikawiri UDP 51820, koma siyankha aliyense wopanda kiyi yolondola, ndipo zonse zodutsamo zimabisika. Foni imayamba yalowa m'netiweki ya panyumba, kenako n'kuona kamera ngati kuti ili pabalaza.

Amayi anadandaula kuti tsopano akuyenera kudina kawiri. Ndinawafotokozera zonse, kuphatikizapo mizere iwiri ija. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kiyi ija tiichotse pansi pa mphika wa maluwa." Tinaichotsa tsiku lomwelo.