Mamiliyoni 45 amene sanabedwe

Kumayambiriro kwa Januwale 2024 ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha K45.5 miliyoni imene palibe anaiba. Ndimayang'anira malonda a chigawo chapakati pa kampani ina yopikulitsa mabisiketi, maswiti ndi zakumwa zotsekemera. Galimoto zathu zimanyamuka ku Lilongwe kukasiya katundu ku Kasungu, Mchinji, Salima ndi Dedza, ndipo mwezi ukatha ndimatumiza imelo kwa a dairekitala yofotokoza mmene malonda ayendera.

Mwezi umenewo iwo analandira manambala awiri imelo yanga isanafike. Kompyuta yotulutsa mainvoisi inati m'Disembala tagulitsa katundu wa K116.5 miliyoni. A ku akaunti anati ndalama zolowa ku banki kuchokera pa mainvoisi omwewo ndi K71 miliyoni. Anandiimbira foni. "Mayi, ndalama zinazo zili kuti? Ndikufuna yankho pofika Lachisanu." Sananene kuti ndaba, koma mu ofesi nkhani inali itawanda kale, ndipo anyamata anga ogulitsa ankalankhula motsitsa mawu ndikamadutsa. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinapemphera, kenako ndinayala mapepala patebulo.

Manambala onse awiri anali oona, kungoti ankayeza zinthu zosiyana. Invoisi imalembedwa katundu akamatuluka, kaya wogula walipira kaya ayi. Pa K116.5 miliyoni ija, katundu wa K4.5 miliyoni anabwezedwa: makatoni onyowa ndi mvula panjira ya ku Salima, ndi zakumwa zotsala pang'ono kutha masiku. Zikalata zobwezera zinalipo, zosainidwa, koma zinali mufayilo ya ku nyumba yosungira katundu, zisanalowetsedwe m'kompyuta. K41 miliyoni inali ngongole ya eni masitolo amene timawapatsa katundu kuti alipire pakatha masiku 14. Mukachotsa 4.5 ndi 41 pa 116.5, patsala 71, ndendende nambala ya ku banki. Nditaona zimenezi mtima unakhala pansi, koma ndinadziwa kuti kungolemba kuti "ndalama sizinasowe" sikungakwanire. Bwana amene wakayika kamodzi amafuna nambala yoti aikhulupirire mwezi ndi mwezi.

Choyamba kuchotsa chinali msonkho wa VAT, umene nthawi imeneyo unali 16.5 peresenti. Ndalama imeneyi si ya kampani, timangotolerera MRA, choncho siyenera kuwerengedwa ngati malonda. Apa ambiri amapunthwa: amatenga nambala yonse n'kuchotsapo 16.5 peresenti. Msonkhowo unawonjezedwa pamwamba pa mtengo, ndiye kuti mubwerere ku mtengowo mumagawa. Mu Excel, ngati ndalama zonse zili mu B2 ndipo msonkho ndi 16.5 peresenti monga unalili nthawi imeneyo, mumalemba:

```
=B2/1.165
```

K112 miliyoni yotsala titachotsa zobwezedwa inakhala K96.1 miliyoni. Kuchotsa 16.5 peresenti mwachidule kukanapereka K93.5 miliyoni, ndipo K2.6 miliyoni ina ikanaoneka ngati yasowanso.

K96.1 miliyoni inali nkhani yokoma, pakuti Novembala tinapeza K88 miliyoni. Kukwera ndi 9 peresenti! Munthu amene ntchito yake ili pachiswe amalakalaka kuimira pomwepo. Koma mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo ife tinakweza mitengo pa 1 Disembala, katundu wakale atatha. Katoni imene inkapita pa K11,000, tikaphatikiza mitundu yonse, inafika pa K15,500. Ndinawerenga makatoni: Novembala 8,000, Disembala 6,200. Makatoni ogulitsidwa anatsika ndi 22.5 peresenti, m'mwezi wa Khirisimasi, pamene mabisiketi ndi zakumwa zimayenda kuposa nthawi ina iliyonse. Mbali ina n'chifukwa chakuti eni masitolo akuluakulu anaunjika katundu mu Novembala atanunkhiza kuti mitengo ikwera. Koma a timagolosale ta m'midzi anali atalephereratu kugula katoni yathunthu. Ine ndimati lipoti la malonda lopanda chiwerengero cha katundu, mitengo ikamasintha chonchi, limanamiza ngakhale mlembi wake atakhala woona mtima.

Imeloyo ndinailemba m'Chingerezi monga timachitira ku ntchito, koma zimene inanena ndi izi. Pamutu ndinaika mwezi, chigawo ndi mfundo yaikulu: malonda a Disembala 2023, chigawo chapakati, ndalama zakwera, makatoni atsika, pakufunika chigamulo chanu. A dairekitala amawerenga pa foni, nthawi zambiri ali m'galimoto, ndiye chilichonse chofunika chiyenera kuoneka asanatsetsereze chala kawiri. Ndime yoyamba inali ya ziganizo zitatu: tagulitsa K96.1 miliyoni popanda VAT, Novembala inali K88 miliyoni; makatoni ndi 6,200, kuchoka pa 8,000; pa mainvoisi a mweziwu talandira K71 miliyoni ndipo K41 miliyoni idakali kwa ogula, ziwirizi zikuphatikiza VAT. Mawu otsirizawo ndi ofunika, chifukwa wina akaphatikiza 71 ndi 41 apeza 112, osati 96.1, ndipo mafunso ayambiranso. Pansi pake ndinaika mizere inayi yosonyeza kuchoka pa 116.5 kufika pa 71. Zina zonse, sitolo ndi sitolo, zinapita mufayilo yomata. Ndisanatumize ndinapita kwa a akauntanti. "Achimwene, taonani manambalawa, mukuvomereza?" Anayerekeza ndi awo, navomera, ndipo ndinawaika pa `Cc` kuti bwana aone kuti tikulankhula chimodzi.

Gawo la zoyenera kuchita ndi limene linanditengera nthawi. Mawu ngati "tilimbikira" kapena "tiyesetsa kutolera ngongole" sapatsa bwana choti ayankhe. Ndinasanthula K41 miliyoni ija ndipo ndinapeza kuti K26 miliyoni inali itadutsa masiku 14, yonse kwa ogula atatu okha. Ndinalemba kuti ineyo ndikawaona atatuwo pofika Lachisanu pa 12 Januwale, ndikabweretse ndalama kapena pangano lolembedwa la masiku olipira. Ndinapempha chilolezo choimitsa katundu kwa iwo mpaka atalipira theka, ndipo ndinanena poyera kuopsa kwake: atatuwa amatenga makatoni ambiri, choncho Januwale akhoza kutsika. Ndinapemphanso kuti tiyese kugulitsa theka la katoni kwa a timagolosale a njira ya ku Mchinji kwa mwezi umodzi. Pomaliza ndinalemba kuti pa mfundo ziwirizi ndikufuna inde kapena ayi pofika Lolemba, galimoto zisanapakire.

Yankho linabwera madzulo omwewo, lalifupi. Kuimitsa katundu anavomera. Za theka la katoni anakana, ati kutsegula makatoni kumachulukitsa zosowa ndi zophwanyika, ndipo a ku nyumba yosungira katundu anagwirizana nawo. Ndimaganizabe kuti tikanayesa, koma chifukwa chawo chinali chomveka. Za kusowa kwa ndalama sanazitchulenso, ndipo anauza oyang'anira zigawo zina kuti malipoti awo azikhala ndi makatoni, ndalama zopanda VAT ndi ngongole yodutsa masiku.

Ogula awiri analipira Januwale asanathe. Wachitatu, wa ku Kasungu, anali atagula chimanga ndi ndalama zathu poyembekeza kuti mtengo ukwera nyengo ya njala, ndipo anamaliza kulipira pang'onopang'ono mu Epulo. Dzina lake linkakhala pa mzere wa ngongole mu imelo iliyonse mpaka mwezi umenewo, ndi ndalama yotsala komanso tsiku limene walonjeza.