Musanakulitse tchanelo, yambani mwayeza phokoso

Ntchito yanga ndi yokwera pamadenga. Ndimamanga timadishi ta wayilesi totumiza intaneti kuchokera pa nyumba ina kupita pa ina popanda kukumba ngalande ya waya. Munthu ali ndi intaneti yabwino pashopu yake ku Biwi ndipo akufuna ifikenso kunyumba ku Area 23, kapena sukulu ya pulayiveti ku Chinsapo ili ndi midadada iwiri yotalikirana: ine ndimaimika mlongoti uku ndi uko, n'kulozetsana madishi. Dishi ikayamba kugwira, pempho la makasitomala limakhala limodzi kulikonse: "Achimwene, kwezani mphamvu ifike pamapeto, ndipo apo palembedwa 20 muikepo 80." Ena amakhala atamva kwa mnzawo kuti nambala yaikulu ndiyo liwiro. Nthawi zina amalondola, koma m'makomboni mwathu muno nthawi zambiri amalakwa, ndipo chifukwa chake chili mu masamu amene Claude Shannon, katswiri wa ku Bell Labs ku America, adasindikiza mu 1948.

```
C = B × log2(1 + S/N)
```

C ndi denga la liwiro, kuchuluka kwa mabiti amene angadutse pa sekondi imodzi popanda kuwonongeka. B ndi kukula kwa tchanelo, chimene pakompyuta chimalembedwa kuti `Channel Width`: 10, 20, 40 kapena 80 MHz. S ndi mphamvu ya siginolo ikamafika pa dishi yolandira, pomwe N ndi phokoso, kutanthauza chilichonse chimene dishiyo ikumva koma sichochokera kwa mnzake. Chofunika kuona n'chakuti B ali panja ndipo amachulukitsa mwachindunji, pomwe S/N watsekeredwa mkati mwa `log2`. Kawerengedwe ka `log2` kamangofunsa kuti 2 mumuchulukitse ndi mwini wake kangati kuti mufike pa nambala imene muli nayo. Pa 256 yankho ndi 8, pa 512 ndi 9. Ndiye kuti siginolo ikakhala kale yabwino, kuwirikiza mphamvu kawiri kumangowonjezera 1 pa yankholo.

Tisanawerenge, mawu awiri pa manambala a pa sikirini. Siginolo imayezedwa mu dBm ndipo imakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo, motero −70 ndi yamphamvu kuposa −95. Kusiyana kwa siginolo ndi phokoso ndiko timati SNR. Madesibelo 3 alionse ndi kuwirikiza kawiri, madesibelo 10 ndi kuwirikiza kakhumi.

Nayi ntchito ya mtundu umene ndimagwira kawirikawiri, pa mafunde a 5 GHz. Dishi yolandira ikuwonetsa siginolo ya −70 dBm, ndipo pa tchanelo cha 20 MHz phokoso lili pa −95. SNR ndi madesibelo 25, kutanthauza kuti siginolo ikuposa phokoso maulendo pafupifupi 316. `log2` wa 317 ndi 8.3, ndipo tikachulukitsa ndi 20 tipeza denga la mamegabiti 166 pa sekondi. Kasitomala akuti tikweze mphamvu. Tiyerekeze kuti taiwirikiza kawiri: SNR yafika 28, yankho lachoka pa 8.3 kufika pa 9.3, denga lafika 186. Mphamvu yowirikiza yatigulira mamegabiti 20 okha. Tsopano tisiye mphamvu momwe inalili, tikulitse tchanelo kufika 40 MHz. Phokoso limakwera ndi madesibelo 3 kufika −92, chifukwa phokoso lachilengedwe la m'zipangizo limamwazika mofanana pa mafunde onse, ndiye ukatenga gawo lowirikiza watenganso phokoso lowirikiza. SNR yatsika kufika 22, yankho ndi 7.3, koma tikuchulukitsa ndi 40, ndipo denga lalumpha kufika pafupifupi 293. Apa kasitomala walondola, ndipo ndimamuuza motero.

Masamu amenewa akunena za malo achete, monga kumunda kunja kwa mzinda. Ku Kawale kapena ku Area 25 mlengalenga simuli chete. Pamadenga pali madishi a anthu ena, m'nyumba muli marauta, pa mageti pali makamera opanda waya, ndipo zonsezi zikugwiritsa ntchito mafunde omwewo. Kukulitsa tchanelo kuno kuli ngati kutsegula zenera lonse mu Okutobala, mphepo ilowadi yambiri koma fumbi la mumsewu lilowera pomwepo. Pa 20 MHz ndimatha kupeza kampata koyera pakati pa oyandikana nawo. Pa 40 MHz theka la tchanelo changa limagwera pa dishi ya munthu wina imene yaloza chakuno. Tiyerekeze kuti phokoso ndi zosokonezazo zafika pa −80. Siginolo yathu ikadali −70, SNR yatsala madesibelo 10, `log2` wa 11 ndi pafupifupi 3.5, ndipo denga ndi mamegabiti 138. Tchanelo chachikulu chatipatsa zochepa kuposa 166 ya tchanelo chaching'ono. Pamwamba pa apo, zosokoneza za anansi sizikhazikika. Zimabwera mwa apo ndi apo, mapaketi amawonongeka n'kutumizidwanso, ndipo amene akuimba foni ya pa WhatsApp amamva mawu akudukaduka ngakhale sikirini ikuwonetsa siginolo yodzadza.

N'chifukwa chake sindisankha tchanelo masana okha. Mawayilesi ambiri a ntchito imeneyi ali ndi poyezera mafunde, pamene umaona mbali zomwe zadzadza ndi zomwe zili zoyera. Ndimayeza madzulo, anthu ataweruka kuntchito ndipo aliyense akuonera mpira kapena mafilimu. Chinanso chimene ndimauza mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito n'chakuti asakhulupirire muyeso umene watenga magetsi atathima m'deralo. Dishi yathu ikuyendera batire, marauta a anansi azima, phokoso latsika, ndipo zonse zimaoneka bwino mpaka magetsi atayaka.

Pali vuto lina losiyana ndi limeneli, la siginolo yofooka. Limapezeka mtunda ukatalika kapena pakati pakaima mtengo wa mango. Tinene kuti siginolo yafika pa −92 ndipo phokoso lili pa −95 pa 20 MHz. SNR ndi madesibelo 3 okha, siginolo ikuposa phokoso kawiri basi, ndipo denga ndi mamegabiti pafupifupi 32. Tikakulitsa kufika 40 MHz, siginolo ndi phokoso zafanana, denga ndi 40. Pa 80 MHz ndi 47. Ngakhale mutapatsidwa mafunde onse a padziko lapansi, ndi siginolo imeneyi simungapitirire 58. Apa chimene chikusowa ndi mphamvu yofika pa dishi, osati malo. Ndipo wayilesi yeniyeni siiyandikira n'komwe manambala amenewa, chifukwa imafuna kuti siginolo ikhale pamwamba pa phokoso ndi madesibelo angapo kuti ingolumikizana. Ndiye pa malo otere ndimachita zimene kasitomala amadabwa nazo, kuchepetsa tchanelo kufika 10 MHz. Phokoso limatsika ndi madesibelo 3, SNR imafika 6, denga limatsika kufika 23, koma kulumikizana sikudukanso. Kwa mayi amene akungofuna makamera a pashopu ndi mauthenga a maoda, liwiro lochepa lokhazikika ndilo la phindu.

Mmene wayilesi imasinthira SNR kukhala liwiro mumaona ndi maso pa sikirini. SNR ikakhala yabwino imagwiritsa ntchito 64-QAM, pamene chizindikiro chilichonse chotumizidwa chimasankhidwa mwa 64 ndipo chimanyamula mabiti 6. Zizindikiro 64 zimenezi zimayandikana kwambiri, kotero phokoso pang'ono limachititsa kuti yolandira isokoneze china ndi chinzake. Zikatero wayilesi imatsika yokha kupita pa 16, kenako pa 4, mpaka pa ziwiri zokha zonyamula biti imodzi. Pa WiFi ya 802.11n, tchanelo cha 20 MHz ndi njira imodzi, sitepe yapamwamba ndi mamegabiti 65 ndipo yapansi ndi 6.5. Onani kuti 65 ili kutali ndi 166 ya Shannon uja, ndipo zimene kasitomala amalandira zimatsikanso chifukwa cha mauthenga oyendetsera kulumikizana. Sindilonjeza munthu denga. Ndikaona nambala ya sitepe ikukwera ndi kutsika mosalekeza pomwe siginolo yaima malo amodzi, ndimadziwa kuti vuto ndi zosokoneza. Siginolo yomwe ikamatsika nthawi ya dzinja, ndimayang'ana mitengo, chifukwa pa 5 GHz mvula yokha siichepetsa kwenikweni pa mtunda waufupi, koma masamba onyowa amaidya.

Za kukweza mphamvu ndili ndi maganizo okhwima, ndipo anzanga ena a ntchitoyi sagwirizana nane. Siginolo yanga ndi phokoso kwa mnansi wanga. Ndikakweza, SNR yake imatsika, iyenso amakweza, ndipo mwezi usanathe tonse tabwerera pomwe tinali, kungoti zipangizo zikutentha. Mafunde amenewa ali ndi owayang'anira, bungwe la MACRA, koma ngakhale pakanapanda lamulo, masamu okha akuletsa. Madesibelo abwino ndi amene umapeza ndi manja. Dishi yaikulu imasonkhanitsa siginolo yochokera kutsogolo ndipo imamva pang'ono zochokera m'mbali, ndiye imakweza S n'kutsitsa N nthawi imodzi. Kuwonjezera paipi imodzi pa mlongoti kuti dishi ipitirire denga la malata la nyumba yoyandikana kumathandiza kuposa kusintha chilichonse pakompyuta. Kulozetsa bwino nakonso: ine ndili pamwamba ndi sipanala, mnyamata ali pansi ndi laputopu akuwerenga mokweza.

"Bigi, −74. Pitani kumanja pang'ono. −71. Basi, mwapitirira, bwererani."

"Iwe, usamangondiuza siginolo. SNR ikuti chani?"

Funso lomweli limagwira ntchito pa marauta a 4G amene anthu amagula kwa TNM kapena Airtel. Timizere ta netiweki timaonetsa mphamvu ya siginolo, sitinena za zosokoneza. Mukalowa patsamba la rauta, ambiri amaonetsa `RSRP`, yomwe ndi mphamvu, ndi `SINR`, yomwe ndi siginolo poyerekeza ndi phokoso pamodzi ndi zosokoneza. Nyumba ikakhala pakati pa nsanja ziwiri, rauta imamva zonse mwamphamvu, timizere timadzadza, koma nsanja inayo ndi phokoso. Kukula kwa tchanelo apa simungakusinthe, n'kwa kampani, ndipo mumagawana ndi aliyense amene walumikizidwa pa nsanjayo. Chimene chili m'manja mwanu ndi malo oika rauta. Ku Mgona ndidachotsa rauta pa zenera la kummawa n'kuiika pa la kumadzulo, pomwe khoma linkatchinga nsanja yachiwiri. Kamzere kamodzi kadazima, `SINR` idakwera, ndipo mwini nyumba adandifunsa ngati sindidaononge kanthu mpaka pomwe tidayeza liwiro.