Foni ikayamba kudwala: kukonzetsa kapena kugula ina?

Anzathu a pamsewu, funso ili labwera kangapo m'gulu muno, ndiye tati tiyikepo maganizo athu ife amene timagona ku Phakalane tikabwera kudzaoda katundu mu Gaborone. Kwa ife foni ndi ofesi. Muli manambala a makasitomala a ku Lilongwe, zithunzi za malisiti, Airtel Money, Mpamba ndi Orange Money. Ikafera pa Kazungula, katundu ali pa thiraki, dalaivala simungamupeze ndipo ndalama simungatumize.

Tisanafunse mtengo, timayamba tafufuza chimene chafa. Batire, galasi ndi polowetsa tchaja ndi ziwalo zosinthika. Batire yotopa imadziwika: foni ikuonetsa 30 pelesenti, mwadzidzidzi yazima. Ikafufuma mpaka kukankha chivundikiro, siyani kutchaja tsiku lomwelo, chifukwa imatha kuyaka, makamaka pa dashibodi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tchaja ikamagwira pokhapokha mutaipinda, nthawi zambiri ndi fumbi ndi ulusi wa m'thumba zomwe zadzaza pabowo. Zimitsani foni, mutokose pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano, muyesenso chingwe china musanapereke ndalama.

Matenda a pa bodi ndiye ena. Foni yomwe inagwera m'madzi, yomwe imangozima ndi kuyakanso yokha, kapena yomwe imataya netiweki ngakhale mutasintha simu khadi, imadya ndalama ngati galimoto yakale. Lero akonza, pakatha milungu itatu yayambanso. Chimodzimodzi foni yokalamba mkati. Kuyambira mu Okutobala 2023, WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni a Android osafika 5.0, ndipo mapulogalamu a mabanki nawo amasiya mafoni akale. Pamenepo galasi latsopano silithandiza kanthu.

Nachi chitsanzo cha foni yomwe timalandirira maoda. Inali ndi zaka zitatu, galasi losweka pakona, batire yotha dzuwa lili paliwombo. Wokonza wina m'tauni anatiuza P450 ya galasi ndi P250 ya batire, zonse P700. Yatsopano ya msinkhu womwewo inali P1,500, kuonjezapo kava, galasi lotetezera ndi bandulo yotsitsira zonse, inkafika P1,700. Lamulo lathu ndi loti kukonzetsa kusapose theka la mtengo wa yatsopano, ndiponso bodi ikhale yabwino. P700 inali pansi pa P850, netiweki inkagwira bwino, choncho tinakonzetsa, ndipo P1,000 yotsalayo inalowa m'katundu. Akanati bodi nayonso ikufuna P400, zikanakwana P1,100 pa foni yopanda galanti, ndipo tikanagula ina.

Pokonzetsa, chotsani simu khadi ndi memole khadi, ndipo pini ya ndalama musapatse munthu. Funsani ngati galasilo ndi lenileni kapena lotsanzira, poti lotsanzira limathima padzuwa ndipo m'mbali limakana chala. Akamaliza, yesani pomwepo: imbani, lembani uthenga, jambulani, tchajani. Komanso musakonzetse madzulo oti mawa mukunyamuka. Ipatseni masiku awiri, chifukwa mukafika ku Francistown mwayenda kale makilomita oposa 400, simungabwererenso kukadandaula.

Amene mwasankha yatsopano, kumbukirani kuti walira mvula walira matope. Musanalipire, imbani izi:

```
*#06#
```

Nambala ya IMEI yomwe ituluke ifanane ndi ya pa bokosi ndi ya pa lisiti. Ikasiyana, isiyeni. Ikhale yolowa masimu awiri, yosamangidwa ku kampani imodzi, kuti Mascom, Orange kapena BTC ikhale mbali ina, TNM kapena Airtel mbali ina. Lisiti musunge, a MRA akhoza kuifunsa pa Mchinji kapena pa Mwanza. Dziwaninso kuti galanti ya sitolo ya ku Gaborone siikuthandizani foni ikafera ku Limbe, pokhapokha mutabwera nayo ulendo wina.

Dzenje lomwe ambiri amagweramo ndi ili. WhatsApp pa foni yatsopano imafuna kodi ya manambala 6, yomwe imapita ku nambala yomwe munalembetsera. Ngati ndi ya ku Malawi ndipo simu yanu siilandira mauthenga kunja kwa dziko, mukhala ndi foni yonyezimira yopanda kasitomala ndi mmodzi yemwe. Choncho tumizani kaye uthenga wa SMS ku simuyo muone ngati ufika. Sungani macheza pa Google Drive, mutsimikize kuti pasiwedi ya Gmail mukuikumbukira. Yakaleyo musagulitse kufikira zonse zitasamuka, ndipo musanaifufute chotsanimo akaunti ya Google, apo ayi wogulayo idzamutsekera.

Ife yakale ikamayakabe sitigulitsa n'komwe. Imakhala m'chikwama cha pasipoti, yotchaja, muli simu ya kumudzi. Muyende bwino, abale.