Kalata kwa mwana wanga, asananyamuke ulendo wa ku Blantyre

Wokondedwa mwana wanga,

Popeza tsiku la ulendo wako layandikira, ndipo atate ako ndi amalume anakulangiza kale mokwanira za ndalama, za anyamata ndi za mapemphero, ine ndasankha kukulembera za kanthu kamene iwo angakayese kachabe, ndiko mawu amene mnzako wa kutsidya kwa dambo uja anakuuza kuchigayo, akuti masiku ano ndiwe bwana, ulibe naye nthawi, ndipo nthawi zonse akati acheze nawe umangoti watanganidwa. Unandifotokozera wekha, nkhope ili ndwii, m'mene unamuyankhira: unamuwerengera za makalata a sukulu ya unamwino, za kusoketsa yunifolomu kwa telala, ndi za maulendo a ku boma ku Dedza. M'zonsezo munalibe bodza, koma ndikuuza ine mayi ako kuti mwana uja sunamuyankhe.

Ukumbukire fanizo la Ambuye lolembedwa pa Luka 14, la anthu oitanidwa kuphwando amene anayamba kupereka zifukwa, wina za munda umene anagula, wina za ng'ombe, wina za ukwati wake watsopano. Sitiuzidwa kuti ananama. Kapena munda unalipodi, ng'ombenso zinalipo. Komabe mwini phwando anapsa mtima, pakuti chifukwa chilichonse, ngakhale chikhale choona chotani, chimauza woitanayo kuti pali china chomuposa. Pamene iwe unkawerengera mnzako ntchito zako, chimene iye ankamva ndi mndandanda wa zinthu zimene zamutsogolera mumtima mwako, ndipo zonsezo ndi za moyo umene iye sadzaulowa.

Pakuti taganiza, mwanawe, kumene iye waima. Munayamba Sitandade 1 tsiku limodzi, munkaphula ngumbi pa chulu chimodzi. Koma iye anasiyira Fomu 2 posowa fizi, ndipo lero ali ndi khanda kumsana, akugulitsa kachewere m'mbali mwa msewu pa Bembeke, pamene basi yako idzadutsa. Munthu wotere akanena kuti ulibe naye nthawi sakuwerenga maola ako ayi. Akufunsa, mwa njira yokhayo imene manyazi amlola, ngati wophunzirawe udzamuyesabe mnzako. Chifukwa chake usalimbane naye pa mawu akuti "nthawi zonse", kumukumbutsa kuti mwezi wathawu unapita kwawo, pakuti ungapambane mlanduwo ndi kutaya munthuyo.

Usanatsegule pakamwa, tsegula lamya yako uone amene anaimba komaliza, ndi kangati anakuflasha iwe osabweza. Ukapeza kuti masiku omwewo unacheza mpaka usiku ndi atsikana amene mukupita nawo ku sukulu, udziwe kuti nthawi unali nayo, koma unaipereka kwina. Ndipo si tchimo kupeza abwenzi atsopano, koma ndi chinyengo kubisa kusankha kwako m'dzina la ntchito. Ukatero ukamuuze, pamaso kapena ndi mawu ako pa lamya, osati pa uthenga wolemba umene munthu wopwetekedwa amauwerenga ndi liwu laukali, mawu onga awa: "Mnzanga, wanena zoona, ndakusowetsa. Unandiimbira ine osabweza, ndipo ndikudziwa kuti zinakuwawa. Sindinakutaye." Ukafika apo ukhale chete. Usalumikizepo "koma", pakuti kamawu kameneko kamafafaniza zonse zimene zakatsogolera. Mwina adzakalipa pang'ono, mwina adzalira, mwina adzaseka nkunena kuti ankangocheza. Umlole atsirize, ndipo za yunifolomu uzinene pokhapokha akafunsa.

Koma akulu anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo apa ndi pamene ambiri a ife timagwa, pakuti pofuna kuthetsa msanga manyazi a nthawiyo timalonjeza zazikulu. Ukadzayamba kulowa m'mawodi, kudzakhala masabata a naiti, pamene udzagona usana ndi kudzuka dzuwa litapendeka, mutu uli zii. Ukalonjeza lero kuti uzidzamuimbira tsiku ndi tsiku, lonjezolo silidzatha mwezi, ndipo chilonda chachiwiri chidzaposa choyamba. Usanenenso kuti "tidzaonana" kapena "ndidzakuimbira ndikapeza mpata", pakuti mpata wotere sufika. Umpatse tsiku lokhala ndi dzina, laling'ono loti ungalisunge ngakhale pa nyengo ya mayeso: Lamulungu loyamba la mwezi, mapemphero atatha, iye asanakoleze moto wa madzulo, mphindi 20 zokha. Woimba ukhale iwe, popeza iye akagula mayunitsi ndiye kuti wadula pa ndalama ya sopo. Ndandanda ya ntchito ikatuluka nkuona kuti tsikulo lakugwera pa shifiti, umuuze lisanafike, nutchule pomwepo lina lolowa m'malo mwake. Pakuti amene wauzidwa Lachisanu amadziwa kuti akumbukiridwa, koma amene wakhala Lamulungu lonse lamya ili pa chitenje, akuiyang'anayang'ana, palibe chifukwa chimene chidzamtonthoze Lolemba.

Pali yesero lina limene lidzakupeza ukadzayamba kulandira kangachepe, ndilo kutumiza ndalama pa foni m'malo mwa liwu lako. Akasowa, umthandize, ndipo mnzako akapsa ndevu mzimire. Koma ndalama yotumizidwa poyankha dandaulo ili imangotsimikiza chimene iye ankaopa, kuti wasandukadi bwana, iye wopemphetsa.

Tsono tchera khutu pa ichi, chimene ndachiona mwa akazi anzanga kuyambira ndili namwali. Mkazi sayamba ndi vuto lake. Amayamba wagogoda ndi dandaulo laling'ono kuti aone ngati chitseko chitseguka. Ngati mnzako, amene kale sankawerengera za kuchezerana, wayamba mwadzidzidzi kudandaula, ngati akuflasha pakati pa usiku, ngati ukamufunsa za bambo a mwana amangoti "alipo" nkusintha nkhani, pamenepo nkhani si ya nthawi yako. Umufunse mofatsa kuti, "Nanga kunyumbako kuli bwanji kwenikweni?" ndipo ulindire yankho ngakhale lichedwe. Akagwa m'matenda kapena m'maliro, za Lamulungu loyamba zija zatha ntchito: umuimbire tsiku lomwelo, ndipo ngati sukulu siikulola kubwera, pa tchuthi ukayambe wakapepesa kwawo usanamasule chikwama pano.

Sindikubisira kuti aliponso abwenzi amene sakhuta, amene ungawasungire tsiku lililonse lolonjezedwa koma adzafunabe kuti uyankhe lamya uli pa bedi la wodwala, nadzakutonza kuti sukulu yakudzaza mtima. Mnzakoyu sindimuyesa wotere. Koma zikadzatero, umuuze kamodzi, mopanda mkwiyo, kuti uli mu wodi sungayankhe munthu aliyense, ngakhale ine amene ndinakubala, ndi kuti tsiku lanu lija likhalapobe. Ukatero usadziweruzenso, ndipo usakadandaule za iye kwa atsikana a kuhositelo, pakuti mawu ali ndi miyendo, ndipo amafika pa Bembeke msanga kuposa basi.

Usadikire kuti uyambire ku Blantyre. Loweruka likudzali iye sapita kumsewu, adzakhala pakhomo akutonola chimanga. Upite m'mawa, utavala chitenje chako cha masiku onse, nsapato zatsopano zija uzisiye, ukakhale naye pa mphasa ndi kutonola naye limodzi mpaka dengu lidzaze. Zochapa zako ndi zosita ndidzakuchitira ine.

Ndine mayi ako.