Chitenje Chosachapa

Amayi anatisiya mu Okutobala 2022, dzuwa likuotcha ngati lakwiya. Uthenga unandipeza ndili m'kalasi ku Lusaka, ndipo m'bandakucha wake ndinali m'basi pa msewu wa Great East, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 wopita kwathu ku Katete. Ndisanakwere ndinathamangira ku Kamwala kukagula chidole cha tsitsi lalitali, chija chimaimba ukachidina pamimba. Ndinagulira mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 8 amene analeredwa ndi ambuya ake kuyambira atangosiya kuyamwa, chifukwa mayi ake amagwira ntchito ku Chipata. Ankagona mphasa imodzi ndi ambuyawo, kudyera mbale imodzi.

Ndinampeza kuseri kwa nkhokwe kwa aneba, kumene ana onse anawakusira kuti asamaone za pasiwa. Ndinampatsa chidole chija. Anagwada, nalandira ndi manja awiri, nati, "Zikomo amalume." Anachidina kamodzi, chinaimba, ndipo anachipereka kwa mnzake. Sanachigwirenso. Ine mphunzitsi wa digiri, amene ndimakhala ndi ana tsiku lililonse, ndinaima pamenepo ngati mlendo. Ndinali nditagula chinthu choti chimuiwalitse, pamene iye sankafuna kuiwala.

Kwathu ana timawatchinjiriza pa maliro. Kumanda sapita, ndipo akafunsa timati ambuya apita ku ulendo, kapena agona. Timatero chifukwa cha chikondi, koma mwana amamva mawu monga mmene alili. Wa zaka zitatu kapena zinayi sadziwa kuti imfa ilibe pobwerera, choncho amadikirira pamsewu. Wa zaka 7 kapena 8 amakhala atayamba kuzindikira, koma mipata imene akulu asiya amaidzaza yekha ndi maganizo ake. Wathuyu anauzidwa kuti ambuya agona, ndipo kwa mausiku atatu anakana kutseka maso.

Titameta, azakhali ndi amayi ena a pamudzi anayamba kusonkhanitsa zovala za malemu kuti zichapidwe, zidzagawidwe. Pa mulu uja ndinaona chitenje chobiriwira chimene amayi ankafunda m'mawa pokoleza moto. Ndinapempha azakhali kuti chimenecho chisalowe m'madzi. Anandiyang'ana modabwa. "Iwe, chinthu cha womwalira mwana agone nacho chosachapa? Akamalota zoipa udzati chiyani?" Sindinalimbane nawo. Ndinati ine ndine malume wake, ndipo ngati chimusautsa ndidzachichotsa ndekha. Anakafunsa akuluakulu, nabwera nacho chopinda.

Usiku umenewo mwanayo anachinunkhiza nthawi yaitali. Chinali ndi fungo la utsi, la sopo ndi la mafuta amene amayi ankadzola. Analira koyamba chichitikire malirowo, kenaka anagona mpaka dzuwa kutuluka. Fungo limafika kumene mawu safika, ndipo ndicho chifukwa mphatso yoyamba kwa mwana woferedwa isakhale ya m'sitolo. Ikhale kanthu kamene malemu ankagwira tsiku ndi tsiku, monga duku, chipewa, kapu kapena buku la nyimbo. Chofunika n'kupempha msanga, katundu asanagawidwe, chifukwa pogawa za malemu akulu amayamba ndi njinga ndi ng'ombe, mwana n'kutsala wopanda ngakhale batani. Ndipo mwanayo afunsidwe. Alipo ana amene amaopa zinthu za womwalira, ndipo woteroyo mumsungire mpaka tsiku limene adzachifune yekha.

Ndinabwereranso mu Disembala sukulu zitatsekera. Mlongo wanga anali atasiya ntchito kwa kanthawi, akukhala pamudzi. Anandidandaulira kuti mwanayo salankhula, ndipo akamufunsa chimene chikumuvuta amangoti palibe. Inenso ndinayesa, ndinamukhazika pampando n'kumuyang'ana m'maso monga ndimachitira ndi ana a sukulu. Anangoyang'ana zala zake za kumapazi.

Mvula inali itagwa, ndipo m'nyumba munali thumba la nshawa za Chalimbana zimene amayi anasunga kuti zikhale mbewu. Nshawa za mbewu zimasungidwa ndi makoko ake, n'kuziswa ndi manja nthawi yobzala ikayandikira, kuti njere zisasweke kapena kusupuka khungu. Ndinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kutenga lichero. Sindinamuitane. Patapita kanthawi anadzakhala pambali panga, nayamba kuswa. Zala zake zinali zachangu kuposa zanga. Tsiku loyamba tinaswa osalankhula, kupatula pamene anandidzudzula kuti ndikusakaniza zofwapa ndi zabwino, zimene ambuya sankalola. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi.

Tsiku lachitatu, maso ali pa lichero, anati, "Amalume, ndine ndinawapha ambuya." Manja anga anafuna kuima, koma ndinawakakamiza kupitiriza. Ndinafunsa kuti zinatheka bwanji. Anati m'mawa wa tsikulo ambuya anamutuma kumjigo, iye anakana chifukwa ankasewera. Ambuya anapita okha, ndipo pobwerako anagwa pakhomo ndi ndowa. Katundu ameneyu anamusenza yekha miyezi iwiri.

Ndikanati "usamaganize zimenezo" ndikanatseka chitseko chimene chinali chitangotseguka. Ndinamuuza zoona zake m'mawu ochepa. Ambuya anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, ndipo ankalandira mankhwala ku chipatala cha St. Francis iye asanabadwe n'komwe. Tsiku limenelo kamtsempha ka m'mutu kanaphulika, ndipo zikanachitika ngakhale akanakhala pamphasa. Ndinatinso ambuya sanagone, anamwalira, thupi lawo linasiya kugwira ntchito, silimva njala kapena kuzizira, ndipo kugona kwa ife amoyo n'kosiyana ndi zimenezo. Anafunsa ngati ndikunena zoona. Funso lomwelo analibwereza mawa lake, ndi mkucha, ndipo ndinayankha mofanana nthawi zonse. Mwana amabwereza funso pofuna kuona ngati yankho lili nji.

Apa ndipo ndinamvetsa ntchito ya zochita zachete. Ukakhala moyang'anizana ndi mwana, iye amaona ngati ali pa mlandu, makamaka kwathu kumene mwana waulemu sayang'ana wamkulu m'maso. Mukakhala mbali ndi mbali, manja ali pa ntchito yobwerezabwereza yosafuna kuganiza kwambiri, chete sakhala wolemera, ndipo mawu amatuluka okha. Kutong'ola chimanga, kusadzula ndiwo, kuumba ng'ombe zadothi, kusewera nsolo, zonsezi zimagwira ntchito imodzi. Kwa inu a mukomboni, kusankha nyemba kapena kupinda zovala n'kokwanira. Foni imamutontholetsa mwana, koma imamutengera kutali ndi inu, pamene chimene mukufuna n'chakuti akhale pafupi.

Mphatso yachiwiri ndinabwera nayo kuchokera ku Lusaka: chitini cha mabisiketi chopanda kanthu, kope la sukulu ndi makrayoni. Nzeru imeneyi si yanga. M'zaka zimene Edzi inkapulula makolo, amayi a bungwe la NACWOLA ku Uganda ankalembera ana awo mabuku a chikumbutso, ndipo ku Pietermaritzburg, ku South Africa, a Sinomlando ankathandiza mabanja kupanga mabokosi osungiramo mbiri ya womwalira. Ife tinachita mwa kwathu. M'chitini mwanayo anaikamo mkanda wa ambuya, khadi lawo la kuchipatala, supuni yopindika ndi chithunzi chimodzi chimene ndinakatsukitsa ku Katete boma kuchokera mufoni yanga. Wosankha anali iye. Supuniyo ine sindinaione tanthauzo, koma inali yomwe ambuya ankamupatsira phala.

Kope tinkalitsegula madzulo, tsamba limodzi pa tsiku, kwa mphindi zosapitirira 20. Pamwamba pa tsamba ndinkalemba chiyambi cha chiganizo, iye n'kumaliza ndi mawu kapena chojambula: chakudya chimene ambuya ankaphika bwino, mawu amene ankakonda kunena, tsiku limene anandiseketsa. Ndinaikanso tsamba la tsiku limene anandikwiyitsa, chifukwa mwana amene amangomva kuti malemu anali mngelo amachita manyazi ndi mkwiyo wake. Masamba ena anapita nawo kwa azakhali kukafunsa dzina la mudzi umene ambuya anabadwira, mfunda wawo, ndi chaka chimene anamutengera koyamba ku Mkaika kukaona Kulamba, ali kumbuyo. Azakhali aja amene ankakana za chitenje anafotokoza mpaka usiku.

Apa ndinalakwitsa kamodzi. Uphunzitsi unandigwira, ndipo ndinatenga bolopeni kukonza mawu amene analemba molakwika. Anatseka kope, ndipo linakhala masiku anayi osatsegulidwa. Ndinapepesa, n'kulonjeza kuti sindidzawerenganso popanda chilolezo chake. Kope lotere silichongedwa, ndipo tsiku limene mwana wakana kulitsegula, mulekeni akasewere. Chisoni cha ana chimabwera ngati mvula ya mawawa, pano akulira, pakapita mphindi khumi ali pa phada akuseka. Kusekako sikutanthauza kuti waiwala.

Zinthu zimenezi zili ndi malire ake. Kukodza pogona, kukakamira mayi, kulota zoopsa ndi kubwerera m'mbuyo m'kalasi zimachitika m'masabata oyamba, ndipo zimachepa pang'onopang'ono. Koma miyezi ikamapita zinthu zikungokulirakulira, mwana akuwonda, wasiyiratu kusewera ndi anzake, akukana sukulu, kapena akunena kuti akufuna kutsatira malemu, chitini ndi makrayoni sizikwanira. Pamenepo pitani naye kuchipatala, uzani aphunzitsi ake, kapena imbani 116, nambala yaulere ya Childline. Mawu onena za kufuna kufa musawadikirire miyezi, chitanipo kanthu tsiku lomwelo.

Ndisanabwerere ku Lusaka tinamupatsa mizere itatu m'munda wa ambuya ake. Poyamba ndinkaganiza zobzala mtengo umodzi wa chikumbutso, koma mlongo wanga anandiletsa. Anati mbuzi zikadya kamtengoko kapena chiswe chikakagwetsa, mwanayo adzaferedwa kachiwiri. Nshawa zili bwino chifukwa n'zambiri, phando lina likakanika ena amamera. Anabzala yekha, njere imodzi pa phando, monga anaphunzitsidwira, ndipo patangopitirira sabata anandiimbira pa foni ya mayi ake kuti zatuluka.

Chalimbana amatenga miyezi isanu kuti akhwime. Mu Meyi ndinalandira kathumba kuchokera kwa kondakitala wa basi pa Intercity. Munali nshawa zosaswa, ndi kakalata kong'ambidwa m'kope lija. Analemba kuti izi ndidye, koma zina wasunga za mbewu, ndipo mu Disembala ndisachedwe chifukwa ndimaswa pang'onopang'ono. Mawu awiri anali olakwika kalembedwe. Ndinawasiya momwemo.