Wakutsina khutu ndi mnansi



Tilipo anayi amene timakonza futari ya anthu odikirira odwala pa chipatala china kwathu kuno. Amayi amaphika phala la mpunga, ife timagula nthochi, ndipo mnzathu wina wa kabaza ndiye amanyamula ndowa ziwiri za phala pa njinga yake yamoto. Tinapangana kuti azifika 5:15 madzulo, kuti nthawi ya Magharibi ikamakwana makapu akhale ali m'manja mwa anthu. Pa masiku 10 oyamba anachedwa ka 6. Tsiku lina gogo wina amene amadikirira mdzukulu wake anamasula ndi madzi a pampopi, ife titaima pomwepo ndi makapu opanda kanthu.

Tisabise, tinayamba ndi njira zolakwika. Poyamba tinkangomuseka: "Afika abwana!" Iye ankaseka nafe, chifukwa nthabwala imapatsa munthu mpata woganiza kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. Kenako tinamuuza kuti azifika 4:45 pomwe mumtima tikutanthauza 5:15. Atazindikira, anasiya kukhulupirira nthawi iliyonse yochokera kwa ife. Pomaliza tinayamba kumukamba iye kulibe. Apa ndi pamene tinachita manyazi, chifukwa imeneyi inali miseche basi. Anthu atatu ankadziwa vuto lake, mwiniwake yekha ndiye sanauzidwe.

Tinagwirizana kuti apite munthu mmodzi, amene anakula naye. Atatu kukhalira munthu mmodzi ndi bwalo la milandu, ndipo woimbidwa mlandu amangofuna podzitetezera. Tinasankhanso nthawi. Munthu amene wangofika mochedwa, thukuta lili kamukamu, njala ili pakhosi, sangamve malangizo. Choncho anadikira mpaka usiku, atadya, akubwerera kunyumba awiriwiri.

Mawu ake tinawakonzera limodzi, ndipo anali ochepa: "Achimwene, pali kanthu kakundivuta, ndipo ndaona kuti ndi bwino mukamve kwa ine. Tinapangana 5:15. Lolemba munafika 5:50, Lachitatu dzuwa litalowa kale, ndipo gogo uja anamasula ndi madzi okha. Popanda njinga yanu ntchitoyi siingayende. Kodi chikuchitika n'chiyani nthawi imeneyi?"

Taonani zimene zilibemo. Mulibe mawu akuti "nthawi zonse", chifukwa akanangokumbutsa masiku 4 amene anafika bwino, mkangano n'kukhala wa kuwerenga masiku. Mulibe "ndinu wosasamala", chifukwa kumeneko n'kuweruza mtima umene sitinauone. Mulibenso "anthu akudandaula", mawu amene amasiya munthu akukayikira aliyense. Muli masiku, nthawi, amene anavutika, kenako funso. Ukafunsa funsolo, chovuta kwambiri ndi kukhala chete. Pakamwa pamayabwa kunena kuti "koma si nkhani yaikulu", ndipo ukatero wafafaniza zonse zimene wanena.

Mnzathuyo anakhala duu, kenako anayankha mokwiya kuti palibe amene amamulipira. Wotumidwa uja sanabweze mawu, anangoti, "Zoona, ndipo tikuthokoza." Atayenda pang'ono, choonadi chinatuluka. Njingayo si yake, mwiniwake amafuna ndalama yake tsiku ndi tsiku, ndipo cha m'ma 5 koloko, anthu akamaweruka kuntchito, ndi pamene makasitomala amachuluka. Ankati atengeko mmodzi yekha, mmodziyo n'kukhala atatu. Ankachita manyazi kutiuza kuti ntchito yathu yachifundo ikumudyera ndalama ya ufa wa ana ake. Ife tinkaona ulesi pomwe panali ngongole.

Tinasintha dongosolo. Phala limapsa msanga, iye amalitenga 4:15, ndowa zitakutidwa ndi bulangete kuti lisazizire, ndipo timasonkha ya mafuta. Akaona kuti achedwa, aimbe foni isanakwane 4 koloko kuti tipeze njira ina.

Musaganize kuti zinatha ndi kukumbatirana. Masiku awiri otsatira ankangopereka salamu n'kutembenuka. Tinamusiya, osabwereza nkhaniyo, osamuyamikiranso mokokomeza ngati mwana akafika pa nthawi. Chizindikiro chakuti mawu alowa sichinali kupepesa, chifukwa sanapepese. Chinali foni imene inalira tsiku lina 3:40, iye akuti tayala laphulika, tipeze wina.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Chimene tinaphunzira n'chakuti khutu limatsinidwa kumbali, kamodzi, ndipo wotsinayo ayenera kutchera lake. Kukhala chete kwathu kwa masiku 10 tinkakutcha kuleza mtima, koma kunali mantha, ndipo amene analipira mantha athuwo ndi gogo uja.

Allah atikhululukire pamene tinalankhula kumbali mawu oyenera kunenedwa pamaso. Ameen.