Denga la asibesitosi ku Mauwa

Dzulo ku Mauwa ndinaona anyamata akuphwanya denga la asibesitosi ndi hamala, fumbi lili kobo, pamphuno popanda kanthu! Malata ake ndi aja otuwa ngati simenti, okhuthala, olemera, osachita dzimbiri; akabenthuka m'mphepete mumaoneka timaulusi. Fumbi limenelo likakhazikika m'mapapo, khansa imatha kudzatulukira patatha zaka 20 kapena 40.

Pochotsa malata otere, anyowetseni kaye, mumasule mabawuti, mutsitse lathunthu, osaponya. Chopukusira ayi, tsache ayi. Masiki ikhale FFP3, kansalu sikatchinga. Kulungani kawiri m'pulasitiki yokhuthala, mumate ndi tepi, mulembepo. Zovala zafumbizo zisalowe m'nyumba. Kotayira kafunseni kukhonsolo ya Chiradzulu, osati kufolerera khola la nkhumba.

Kwanuko akale aja mudawataya kuti?